Mmene mungawerengere sitetimenti ya banki ya ku Joni: zidule, ndalama zodulidwa ndi masiku ake

Mwatumiza madola 1,000 ku Joni kuti akuodereni katundu. Wolandira akuti zafika zoperewera, komanso zachedwa. Kuti musakangane, wakutumizirani sitetimenti ya banki pafoni, koma pepalalo ladzaza zidule za Chingerezi, mzere uliwonse uli ndi madeti awiri, ndipo manambala ena alibe ngakhale dzina lomveka. Ambiri amangoyang'ana nambala ya pansi penipeni n'kutseka foni. Nambala imeneyo siikuuzani komwe ndalama yapita, ndipo siikuuzani tsiku lomwe ndalamayo inayamba kukhala yanu.

Titsatira nkhani imodzi mpaka kumapeto. Mayi wina ali ndi shopu pa Limbuli, amagulitsa mafuta odzola ndi ziwiya za pulasitiki. Achimwene awo amakhala ku Johannesburg, ali ndi kakampani kolembetsedwa komweko, ndipo ndi iwo amaoda katunduyo. Mayiwa amalipira invoisi kudzera ku banki yawo ya kuno, m'madola, ndipo ndalamayo imakagwera mu akaunti ya marandi ya kakampani kaja. Manambala onse a m'nkhaniyi ndi ongoyerekezera kuti tione kawerengedwe kake. Mitengo yeniyeni ya banki yanu muipeze pa pepala la mitengo la bankiyo.

## Zofunika kukhala nazo pafupi

- Sitetimenti yathunthu ya mwezi wonse, ya `PDF` yochokera ku banki. Chithunzi chojambula pa sikirini ya foni sichikwana, chifukwa chimadula mutu ndi madeti.
- Mapepala anu: invoisi, malisiti, fomu yomwe munadzaza potumiza ndalama, ndi kope lomwe mumalembamo zolowa ndi zotuluka.
- Pepala la mitengo la banki ya kunjayo la chaka chomwecho. Amalitcha `Pricing guide` kapena `Fee schedule`.
- Kalendala, pomwe mwalembapo maholide a dziko lomwe kuli bankiyo, a ku Amereka ngati mukutumiza madola, ndi a kuno kwathu.
- Kakuleta, pensulo ndi rula. Ngati mungathe, kasindikizeni pepalalo pa Chitakale kapena pa boma. Kutsata mizere pa foni yaing'ono kumasokeretsa maso, munthu umalumpha mzere osadziwa.

Sitetimenti ya Juni 2025 ya kakampani ka achimwene a mayi aja ikuoneka chonchi:

```
Post   Value  Description              Amount        Balance
01 Jun        OPENING BALANCE                        4 250.00 Cr
02 Jun 02 Jun MONTHLY ACC FEE             99.00      4 151.00 Cr
09 Jun 07 Jun POS PURCHASE             1 800.00      2 351.00 Cr
13 Jun 13 Jun ATM CASH                 1 000.00      1 351.00 Cr
13 Jun 13 Jun ATM FEE                     24.00      1 327.00 Cr
17 Jun 18 Jun INW SWIFT USD980@17.60  17 248.00 Cr  18 575.00 Cr
17 Jun 18 Jun FX COMM                    230.00     18 345.00 Cr
17 Jun 17 Jun IMMED PMT               16 000.00      2 345.00 Cr
17 Jun 17 Jun PMT FEE                     40.00      2 305.00 Cr
25 Jun 25 Jun D/O                        320.00      1 985.00 Cr
30 Jun 30 Jun DR INT                       8.06      1 976.94 Cr
```

## 1. Yambani ndi mutu wa pepala

Musanawerenge mzere uliwonse, onani pamwamba. Dzina la mwini akaunti lifanane ndi dzina lomwe lili pa invoisi, ndipo nambala ya akaunti ikhale yomwe munalemba pa fomu yotumizira. Onani masiku omwe sitetimenti ikuyambira ndi kuthera, chifukwa si zonse zimayamba pa 1. Ina imayamba pa 15 n'kuthera pa 14 mwezi wotsatira, ndiye ndalama yomwe mukuifuna ikhoza kukhala pa pepala lina.

Kenako pezani mtundu wa ndalama. Zilembo zitatu ndizo zodalirika: `ZAR` ndi randi, `USD` ndi dola ya ku Amereka, `MZN` ndi metikali, `GBP` ndi paundi, `EUR` ndi yulo, `MWK` ndi kwacha yathu.

Chenjezo: madontho ndi makoma salembedwa mofanana m'maiko onse. Ife timalemba 17,248.00. Ku South Africa mudzapeza `17 248.00` kapena `17 248,00`, pomwe ku Mozambique ndi maiko ambiri a ku Ulaya amalemba `17.248,00`. Njira yosaphonya ndi iyi: manambala awiri omalizira, kaya atsatira dontho kapena koma, ndi masenti. Madeti nawonso amapusitsa. `06/07/2025` ku Joni ndi 6 Julaye, koma pa pepala la ku Amereka ndi 7 Juni. Fufuzani deti lina lokhala ndi nambala yoposa 12, lidzakuonetsani kuti tsiku lili mbali iti.

## 2. Gwirani `Cr` ndi `Dr`, kenako yesani masamu a pepala lonse

`Cr` ndi ndalama yolowa mu akaunti, `Dr` ndi yotuluka. Mabanki ena amaika mizati iwiri, wina wa zolowa wina wa zotuluka. Ena amaika chizindikiro chochotsera kutsogolo kapena kumbuyo kwa nambala. Ena amachita ngati pepala lathuli: yolowa yokha ndiyo ili ndi `Cr`, nambala yopanda kanthu pambali ndi yotuluka.

Pa mzati wa `Balance` zilembo zomwezi zimanena zina. Balansi ya `Cr` ndi ndalama yomwe banki ikukusungirani. Balansi ya `Dr` kapena `OD` ndi ngongole yanu ku banki. Amene anaphunzirako za mabuku a ndalama kusukulu ndi amene amasokonezeka kwambiri apa, chifukwa m'kope lanu ndalama yolowa ku banki imalembedwa mbali ya `Dr`. Sitetimenti ndi buku la banki, imalemba kuchokera kumbali yake.

Tsopano yesani: balansi yotsegulira, kuphatikiza zonse zolowa, kuchotsa zonse zotuluka, ikupatseni balansi yotsekera. Pa pepala lathu zolowa ndi R17,248.00 zokha. Zotuluka zonse pamodzi ndi R19,521.06. Choncho 4,250.00 kuphatikiza 17,248.00 ndi 21,498.00, kuchotsa 19,521.06 kutsala 1,976.94. Zagwirizana.

Chenjezo: banki siphonya samu imeneyi. Ikakana kugwirizana, mwina mwalumpha mzere, mwina tsamba lina lasowa, mwinanso wina anasintha pepalalo asanakutumizireni. Onaninso kuti balansi yotsegulira ya mwezi uno ndi yomwe inatsekera mwezi watha.

## 3. Gwirizanitsani mzere uliwonse ndi pepala lanu

Ikani rula pansi pa mzere woyamba, muzitsika umodziumodzi. Mzere womwe uli ndi lisiti kapena invoisi yake, chongani. Womwe ndi ndalama yodulidwa ndi banki, uzungulizeni. Womwe simukuudziwa, ikani funso pambali.

Zidule zomwe zimabwera kawirikawiri ndi izi. `POS` ndi kugula ndi khadi pa makina a mu shopu. `ATM` ndi kutapa ndalama pa makina. `EFT` ndi ndalama yosamutsidwa kuchoka ku akaunti ina kupita ku ina m'dziko lomwelo, ndipo `PMT` kapena `TRF` zimangonena kulipira kapena kusamutsa. `IMMED PMT` kapena `RTC` ndi kulipira kofika nthawi yomweyo, komwe mtengo wake umaposa wa `EFT` wamba. `INW` ndi yobwera, `OUTW` ndi yopita. `TT` kapena `SWIFT` ndi ndalama yowoloka malire kudzera m'mabanki. `FX` ndi kusintha ndalama, `COMM` ndi komishoni, `INT` ndi chiwongoladzanja, `REV` ndi kubweza zomwe zinalembedwa kale, ndipo `B/F` ndi `C/F` ndi balansi yochokera ku tsamba lapitalo ndi yopita ku tsamba lotsatira.

Ziwiri ndi zofunika kuima nazo. Choyamba ndi `D/O` kapena `DEBIT ORDER`: kampani ina ili ndi chilolezo chodzitengera yokha ndalama mu akaunti mwezi ndi mwezi, monga ya inshulansi kapena ya foni. Mayi athu aja ataona R320 ya pa 25 Juni anafunsa kuti, "Achimwene, iyi ndi ya chiyani?" Yankho linali loti ndi inshulansi ya galimoto yonyamulira katundu, ndipo pepala lake lilipo. Ikadakhala yosadziwika, pakadafunika kuitsutsa ku banki msanga, chifukwa nthawi yotsutsira ili ndi malire. Chachiwiri ndi `UNPAID` kapena `RETURNED`: malipiro abwerera chifukwa mu akaunti munalibe ndalama zokwanira, ndipo nthawi zambiri pansi pake pamatsatira chindapusa.

Chenjezo: dzina lomwe limaoneka pa mzere wa `POS` nthawi zina ndi la kampani yomwe inalembetsa makinawo, osati lolembedwa pa chikwangwani cha shopu. Musafulumire kukuwa kuti akuberani. Yerekezani kaye kuchuluka kwa ndalama ndi tsiku lomwe lili pa lisiti. Zidule zina banki iliyonse imapanga zake, ndipo tanthauzo lake limapezeka kumunsi kwa sitetimenti kapena pa pepala la mitengo lija.

## 4. Siyanitsani madeti awiri aja

`Posting date`, ena amati `Booking date`, ndi tsiku lomwe banki inalowetsa nkhaniyo m'mabuku ake. `Value date` ndi tsiku lomwe ndalamayo inayamba kuwerengedwa kuti ilimo kapena yachokamo, ndipo chiwongoladzanja chimatsata tsiku limeneli. Pa mizere yambiri madeti awiriwa ndi amodzi. Ntchito yanu ndi kupeza pomwe asiyana.

Pa pepala lathu asiyana pa mizere itatu, koma nkhani zake ndi ziwiri. Achimwene aja anagula katundu ndi khadi Loweruka pa 7 Juni, banki n'kulemba Lolemba pa 9, koma inawerengera kuyambira pa 7. Apa deti labwerera m'mbuyo. Ndalama ya madola ndi komishoni yake zinalembedwa pa 17 Juni koma zinayamba kuwerengedwa pa 18. Apa deti lapita kutsogolo. Muone kuti zonse ziwiri zikupendekera kwa banki: yotuluka yachoka msanga, yolowa yafika mochedwa.

Nanga n'chifukwa chiyani ndalama yomwe mayi aja anatumiza Lachinayi pa 12 Juni inayamba kugwira ntchito Lachitatu la sabata yotsatira? Kugula ndi kugulitsa ndalama zakunja pakati pa mabanki kumatha pakadutsa masiku awiri ogwira ntchito, ndipo Loweruka ndi Lamulungu sawerengedwa. Kuchoka Lachinayi, tsiku loyamba ndi Lachisanu pa 13, lachiwiri ndi Lolemba pa 16. Koma 16 Juni ndi holide ku South Africa, tsiku lokumbukira achinyamata, mabanki satsegula. Banki ya ku Joni inayang'ana ndalamayo Lachiwiri pa 17. Sinangoiponya mu akaunti, chifukwa malamulo a kumeneko amafuna kuti ndalama yochokera kunja inenedwe chifukwa chake. Wolandira amasankha nambala ya chifukwacho, yomwe amaitcha `BoP code`, n'kuvomereza mtengo wosinthira. Achimwene aja anachita zimenezi pa 17 pomwepo, banki n'kuika tsiku lotsatira ngati `Value date`. Akadachedwa kuyankha uthenga wa banki, madolawo akadangokhala pamenepo kudikira.

Chenjezo: banki iliyonse ili ndi ola lotsekera la ndalama zakunja, lomwe limafika nthambi isanatseke zitseko. Fomu yoperekedwa ola limeneli litadutsa imawerengedwa ngati ya mawa lake. Madola amadzera ku mabanki a ku Amereka, ndiye holide ya kumeneko, monga 4 Julaye, imaimitsa ndalama yanu ngakhale kuno ndi ku Joni kuli kotsegula. Onjezani 6 Julaye yathu, muona kuti sabata yoyamba ya Julaye si yabwino kutumiza ndalama ya changu.

## 5. Londolani ndalama yowoloka malire mpaka senti yomaliza

Apa ndi pomwe pamayambira mikangano ya pachibale, ndiye tichedwepo.

Mayi aja anatumiza madola 1,000. Tsiku limenelo foni inkaonetsa kuti dola imodzi ndi R17.90, choncho m'mutu mwawo achimwene analandira R17,900. Sitetimenti ikuonetsa R17,248 yolowa, kenako R230 yotuluka, kutsala R17,018. Pasowa R882. Pa ndalama imeneyi, R230 yokha ndiyo ili ndi mzere wake. Zinazo muyenera kuzikumba, ndipo zili m'malo awiri.

Malo oyamba ndi panjira. Onani bwino mzere wa `INW SWIFT`: walemba `USD980`, osati 1,000. Banki ya kuno ndi ya ku Joni sizipatsana madola mwachindunji. Pakati pamakhala banki ina, kapena ziwiri, zomwe zimasunga maakaunti a madola a mabanki enawo, ndipo nazo zimadulapo zake ndalama ikamadutsa. Pano zadula madola 20. Pa mtengo wa 17.90 umene mayi aja amawerengera, ndi R358.

Yemwe alipire ndalama za panjirazi amasankhidwa pa fomu yotumizira, pa kabokosi komwe ambiri amangochonga osawerenga. `OUR` ndiye kuti wotumiza walipira zonse, ndalama iyenera kufika yathunthu. `SHA` ndiye kuti wotumiza walipira banki yake yokha, zotsalazo zichotsedwe pa ndalama yomwe ikupitayo. `BEN` ndiye kuti zonse, ngakhale za banki yotumiza, zichotsedwe pa ndalamayo. Pa mapepala atsopano a mabanki zomwezi zimalembedwa `DEBT`, `SHAR` ndi `CRED`. Mayi aja anachonga `SHA`. Palibe anaba. Ine ndimaona kuti ngati invoisi ikufunika kulipidwa ndendende, ndi bwino kusankha `OUR` n'kudziwiratu mtengo wake pa kauntala, kusiyana ndi kudzatumizanso kandalama kotsala komwe nako kadzadulidwe. Dziwani chabe kuti ngakhale pa `OUR`, banki yolandira imatha kudulabe komishoni yake yosinthira ndalama.

Umboni wa zonsezi uli pa uthenga womwe mabanki amatumizirana, womwe pa kauntala anthu amautcha `MT103`. Wolandira apemphe kope lomwe linafika ku banki yake. Pa kope la kalembedwe ka mu Juni 2025, mizere yofunika ndi iyi:

```
:32A:250616USD980,00
:33B:USD1000,00
:71A:SHA
:71F:USD20,00
```

`33B` ndi ndalama yomwe wotumiza analamula, `32A` ndi deti ndi ndalama yomwe inafikadi, `71A` ndi yemwe walipira, ndipo `71F` ndi zomwe zinadulidwa. Deti la pa `32A` limayamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku: `250616` ndi 16 Juni 2025. Kope lomwe banki ya kuno ingakupatseni lidzaonetsabe 1,000 pa `32A`, chifukwa linalembedwa ndalama isanadulidwe. N'chifukwa chake mbali iliyonse imakakamira kuti pepala lake ndilo loona, pomwe onse awiri ndi oona.

Malo achiwiri ndi pa mtengo wosinthira. Nambala ya pafoni ndi ya pakatikati, ndipo palibe banki imakusinthirani pa mtengo umenewo. Banki ili ndi mitengo iwiri: wogulira, womwe ndi wotsika, ndi wogulitsira, womwe ndi wokwera. Mukalandira madola, banki ikugula madolawo kwa inu, ndiye imagwiritsa ntchito wotsikawo. Pano ndi 17.60. Kusiyana kwa masenti 30 pa dola kumaoneka kochepa, koma 0.30 kuchulukitsa ndi 980 ndi R294. Ngati sitetimenti siinalembe mtengowo, upezeni nokha: gawani marandi omwe alowa ndi madola omwe anafika, 17,248 kugawa ndi 980, mupeza 17.60.

Tsopano phatikizani. R358 ya panjira, R294 ya mtengo wosinthira ndi R230 ya komishoni zikupanga R882 ndendende. Ndiye kuti pa R100 iliyonse, pafupifupi R5 yathera panjira, osawerengera zomwe banki ya kuno inadula m'makwacha pa tsiku lotumiza. Ndalama imeneyi ndi mbali ya mtengo wa katundu, chimodzimodzi msonkho wa pa Mwanza ndi ndalama ya thiransipoti. Mukaiiwala poika mitengo mu shopu, phindu lomwe lili m'kope lidzakhala loposa lomwe lili m'thumba.

Zodula zina sizikula ndi kuchuluka kwa ndalama. Madola 20 a panjira aja akadadulidwabe ngakhale pa madola 200, ndipo komishoni ya mabanki ambiri ili ndi mlingo wotsikitsitsa womwe sautsika. Kutumiza kamodzi ndalama yochuluka kumatchipa kuposa kutumiza pang'onopang'ono sabata iliyonse.

Chenjezo: ku South Africa ndalama zomwe banki imadula pa ntchito zake zimakhala ndi msonkho wa `VAT` wa 15 peresenti m'kati mwake. Kuti muupeze, chulukitsani ndi 15 n'kugawa ndi 115. Pa R230, msonkho ndi R30 ndipo komishoni yeniyeni ndi R200. Osachulukitsa 230 ndi 15 peresenti, mudzapeza 34.50 yomwe ndi yolakwika. Chiwongoladzanja chilibe msonkho umenewu.

## 6. Werengeraninso balansi potsata `Value date`

Patsala mzere womaliza, `DR INT` ya R8.06. Ichi ndi chiwongoladzanja cha ngongole. Koma yang'anani mzati wa `Balance` kuyambira pamwamba mpaka pansi: paliponse pali `Cr`. Ngongoleyo inachokera kuti?

Mzati wa balansi umatsata `Posting date`. Kuti muone zomwe banki inaona, lembani mizereyo mwatsopano pa pepala lina, motsata `Value date`. Madzulo a pa 13 Juni mu akaunti munali R1,327. Pa 17 achimwene aja anaona pafoni kuti madola alowa, nthawi yomweyo n'kulipira wogulitsa katundu R16,000 ndi R40 yotumizira. Koma R17,248 ija inali isanayambe kuwerengedwa. Choncho usiku wa pa 17 akaunti inagona ndi 1,327 kuchotsa 16,040, yomwe ndi ngongole ya R14,713. Pa 18 madola analowa, ngongole n'kutha.

Kawerengedwe ka chiwongoladzanja ndi aka: ngongole kuchulukitsa ndi peresenti ya pachaka, kugawa ndi 365, kuchulukitsa ndi masiku. Tiyerekeze kuti banki imalipiritsa 20 peresenti pachaka. 14,713 kuchulukitsa ndi 0.20 ndi 2,942.60, kugawa ndi 365 ndi R8.06 ya tsiku limodzi. Pa akaunti ya madola kapena ya mayulo mabanki ambiri amagawa ndi 360, ndiye samu yanu ikasiyana pang'ono, yesani nambala imeneyo.

R8.06 si ndalama yoti mungalire nayo. Nkhani ndi yakuti akauntiyi ili ndi mgwirizano wa ovadirafuti, wololeza kutulutsa ndalama zoposa zomwe zilimo, n'chifukwa chake malipirowo anadutsa. Pa akaunti yopanda mgwirizano umenewu, malipirowo akadakanidwa, kapena `D/O` yogwera tsiku limenelo ikadabwerera ndi chindapusa, ndipo katundu akadasiyidwa ndi basi. Zikadachitika Lachisanu, masiku a ngongole akadakhala atatu.

Musanalipire munthu, yang'anani pafoni nambala yolembedwa `Available balance`, osati `Current balance` kapena `Ledger balance`. Yoyambayo yachotsa kale ndalama zomwe zagwidwa, monga zogula ndi khadi zomwe sizinalembedwe. Koma nayonso ili ndi msampha wake: mabanki ena amaphatikizamo ovadirafuti yomwe anakulolezani, ndiye nambala imaoneka yonona pomwe mbali ina ndi ngongole.

## 7. Lembani zomwe mwapeza, funsani zomwe zatsala

Phatikizani zonse zozungulizidwa zija: 99, 24, 230, 40 ndi 8.06 zikupanga R401.06. Lembani m'kope ngati zodula za banki za mweziwo, ndipo pansi pake muonjezere R358 ndi R294 zomwe zilibe mzere. Yerekezani chodula chilichonse ndi pepala la mitengo.

Chomwe sichikugwirizana, mwini akaunti ndiye afunse, chifukwa banki siyankha munthu wina, ngakhale mchemwali wake. Funso likhale ndi madeti onse awiri, kuchuluka kwa ndalama, mawu a pa mzerewo monga alili, ndi nambala yozindikiritsa nkhaniyo, yolembedwa `Ref`. Ngati ndalama yowoloka malire siinafike n'komwe, wotumiza apemphe ku banki yake nambala ya `UETR`, yomwe ili ndi zilembo ndi manambala 36. Ndi imeneyo mabanki amatha kuona pomwe ndalama yaima.

Sungani sitetimenti pamodzi ndi invoisi, fomu yotumizira ndi mapepala a kasitomu a MRA. Ndalama zakunja kuno zimayendetsedwa ndi malamulo a Reserve Bank of Malawi, ndipo banki yanu imatha kufuna umboni woti katundu yemwe munalipira analowadi m'dziko.

## Ngati pepala ndi la ku Milange

Amalonda a pa Muloza amakumana ndi sitetimenti za Chipwitikizi. Njira ndi yomweyi, mawu okha ndiwo asintha. `Extracto` ndi sitetimenti, `Saldo` ndi balansi, `Débito` ndi `Crédito` ndi zotuluka ndi zolowa, `Data mov.` ndi tsiku lolowetsa m'mabuku, `Data valor` ndiye `Value date`. `Comissão` ndi komishoni, `Juros` ndi chiwongoladzanja, `Levantamento` ndi kutapa ndalama, ndipo `Imposto de selo` ndi msonkho wa boma womwe umatsatira komishoni pa mzere wakewake.

## Zolakwika zomwe zimachitika kawirikawiri

Kukhulupirira pepala la wolipira. Wogula akakutumizirani `Proof of payment` kapena sitetimenti yake yoonetsa kuti ndalama yatuluka, zimenezo zikungonena za mbali yake, ndipo mapepala otere anthu amatha kupeka. Katundu atuluke ndalama ikaoneka mu akaunti yanu ndipo `Value date` yake yakwana.

Kuwerengera `REV` ngati malonda. Mzere wobweza umakhala ndi `Cr`, koma ukungofafaniza wina womwe uli pamwamba. Upezeni mnzakeyo, muwadule onse awiri. Ngati nkhaniyo inali yosintha ndalama, yobwerayo ikhoza kukhala yocheperapo chifukwa mtengo wosinthira wasintha ndipo zodula sizibwezedwa.

Kusintha marandi kukhala makwacha pa mtengo wa lero. Katundu yemwe munalipira mu Juni mtengo wake ndi makwacha omwe anatulukadi mu akaunti yanu tsiku limenelo. Tengani nambalayo pa sitetimenti ya banki ya kuno.

Kufunafuna chodula pansi pa mzere wake. Mabanki ena sadula nthawi yomweyo. Amaunjika zodula pa mzati wapambali wolembedwa `Accrued charges`, n'kudzachotsa zonse pamodzi kumapeto kwa mwezi pa mzere umodzi wa `SERVICE FEES`. Mukaphatikiza mzatiwo ndi mzerewo, mwawerengera kawiri.

Kugawa sitetimenti kwa aliyense. Pepalali lili ndi dzina, keyala ndi nambala ya akaunti. Ngati wina akungofuna umboni wa malipiro amodzi, phimbani mizere inayo ndi balansi musanatumize, ndipo nambala yachinsinsi yomwe banki imatumiza pafoni musauze munthu ngakhale atanena kuti akuimba kuchokera ku banki.